Banja Limodzi Pakati pa Mabanja 235

Mu 1857 katswiri wa ziwerengero wa ku Jeremani, Ernst Engel, anasanthula ndalama zomwe mabanja a anthu ogwira ntchito ku Belijiyamu ankapeza pa chaka ndi zomwe ankagulira chakudya. Anapeza kuti banja likamapeza zambiri limagula chakudya chambiri ndithu, koma gawo la ndalama zake lopita ku chakudya limanka lichepa. Ziwerengero za mabanja 235 mwa amenewa zikupezekabe m'pulogalamu ya R, ndipo ine sindidziwa zina zoonetsa bwino chonchi mmene mmisiri weniweni amagwirira vuto la heterosikedasitisiti.

Ukalemba mzere wa riguresheni wamba, wa OLS, umapeza kuti ndalama za chakudya ndi pafupifupi 147.5 kuphatikiza 0.485 kuchulukitsa ndi ndalama zopeza. Ndiye kuti pa mafuranki 100 aliwonse owonjezera, pafupifupi 48 ankapita ku chakudya. Sitandadi era ya nambala ya 0.485 imatuluka 0.014, kutanthauza kuti nambala yeniyeni ili pakati pa 0.457 ndi 0.513. Wofulumira amakhutira pomwepo n'kuyamba kulemba lipoti. Wodziwa ntchito amakumbukira kuti 0.014 uja waima pa lingaliro limodzi lomwe kompyuta sinamufunse: lakuti mabanja osauka ndi olemera amasemphana ndi mzerewo mofanana.

Choncho amayamba ndi maso. Pa banja lililonse amatenga chotsala, chomwe ndi kusiyana kwa ndalama zomwe banjalo linaguliradi chakudya ndi zomwe mzere unalosera, n'kuzijambula zonse pa girafu moyang'anizana ndi zoloserazo.

```r
library(quantreg); library(lmtest); library(sandwich)
data(engel)
m <- lm(foodexp ~ income, data = engel)
plot(fitted(m), resid(m))
bptest(m)
coeftest(m, vcov = vcovHC(m, type = "HC3"))
```

Madontho amatuluka ngati lipenga: othithikana kumanzere kuli osauka, omwazika kwambiri kumanja. Chifukwa chake si chovuta kumva. Banja lopeza zochepa lilibe posankha, njala ndi mtengo wa buledi ndizo zimalilamula, kotero mabanja otere amagula mofananafanana. Banja lopeza bwino litha kudya nyama tsiku lililonse kapena kuumira n'kusunga ndalama. Girafuyi imaonetsanso chinthu china chimene mayeso sangakuuze mwachindunji: dontho limodzi lili lokhalokha kumanja, pansi kwenikweni. Tibwererako.

Maso amanamiza, makamaka pamene madontho achulukana mbali imodzi, n'chifukwa chake pali mayeso. A Trevor Breusch ndi Adrian Pagan, a mu 1979, ndi anzeru chifukwa cha kuphweka kwake. Umachulukitsa chotsala chilichonse ndi chokha kuti chizindikiro chochotsera chichoke, kenako n'kufunsa ngati ndalama zopeza zingalosere kukula kwa zotsalazo. Mmene Roger Koenker anawakonzera mu 1981, ndipo ndi mmene `bptest` amawerengera ukapanda kumusintha, umachulukitsa chiwerengero cha mabanja ndi `R²` wa riguresheni yachiwiriyi. Pakakhala cholosera chimodzi, yankho likaposa 3.84 ndiye kuti kufanana kuja kwakanidwa pa mlingo wa 5 peresenti. Pa mabanja a Engel yankho limadutsa malirewa kutali. Mayeso a Halbert White a mu 1980 amawonjezera ndalama zopeza zochulukitsidwa ndi zokha, malire n'kukwera kufika pa 5.99. Amagwira zambiri, koma akalira sanena chomwe agwira: chingakhale kumwazika kwa zotsala, chingakhalenso kuti wakakamiza mzere wowongoka pa ubale wokhota.

Vutoli likapezeka, nambala ya 0.485 siikhala yokondera chifukwa cha ilo. Chimene chawonongeka ndi 0.014, muyeso wa mmene tingaikhulupirire. Apa m'pamene nzeru ya White imandichititsa kaso. Sitingadziwe mmene banja lililonse limasinthasinthira, popeza taliona kamodzi kokha. Iye anaonetsa kuti sitifunika kudziwa: ingolola banja lililonse kubweretsa chotsala chake chochulukitsidwa ndi chokha, uchilemeze malinga ndi kutalikira kwa banjalo ku avereji ya ndalama zopeza, ndipo ukaphatikiza mabanja ambiri yankho limayandikira choonadi. Njira imeneyi ndiyo yolembedwa `HC0`.

Tsopano dontho lija. Banjali linkapeza mafuranki pafupifupi 4,958 pomwe avereji inali 982, ndipo pa chakudya linawononga 1,827. Mzere unalosera 2,553, choncho chotsala ndi 726 kunsi. Tiwerengere limodzi. Mtunda wake kuchokera pa avereji ndi pafupifupi 3,975. Tikauchulukitsa ndi 726, n'kugawa ndi mitunda ya mabanja onse yochulukitsidwa ndi yokha n'kuphatikizidwa, yomwe ndi pafupifupi 63 miliyoni, timapeza 0.046. Banja limodzili palokha, tisanawerenge ena 234, lakweza kale sitandadi era kuposa katatu.

Komabe 726 ameneyu ndi wochepa kuposa mmene akanayenera kukhalira, chifukwa banja lakutali chonchi limakokera mzere kwa ilo lokha, n'kubisa gawo la kusemphana kwake. Mphamvu yokokayi, levareji, yolembedwa `h`, pa banjali ndi pafupifupi 0.25, pamene avereji ya mabanja onse ndi 2 kugawa ndi 235, osafika n'komwe 0.01. James MacKinnon ndi White mu 1985 anayerekeza njira zitatu zokonzera zimenezi. `HC1` amangokweza zonse mofanana ndi 235 kugawa ndi 233, zomwe pano sizisintha kanthu kooneka. `HC2` amagawa chotsala chochulukitsidwa ndi chokha ndi `1 - h`, pomwe `HC3` amachigawa ndi `(1 - h)²`. Ndi `HC3`, gawo la banja lathu limachoka pa 0.046 kufika cha pa 0.061. Malire omwe poyamba anali 0.457 mpaka 0.513 amatambasuka kufika cha pa 0.36 mpaka 0.61, kapena kupitirirapo. Ubale wa ndalama ndi chakudya ulipobe, wamphamvu, koma kudzitama kuti tikuudziwa mpaka nambala yachiwiri pambuyo pa dontho kwatha.

Kusankha pakati pa njirazi si nkhani ya zokonda. Mu 2000, Scott Long ndi Laurie Ervin anaziyesa pa ziwerengero zopanga pa kompyuta, n'kulangiza `HC3` pamene owerengedwa sapitirira 250, monga zilili pano. Ananenanso kuti usadalire mayeso posankha ngati ukonze kapena ayi, chifukwa owerengedwa akachepa mayeso amaphonya vuto lomwe lilipo. Ine ndimagwirizana nawo: mayeso ndi othandiza kumvetsa ziwerengero zako, osati kukupatsa chilolezo. Chenjeraninso ndi mapulogalamu. Mu Stata, `robust` amapereka `HC1`, ndipo `HC3` umachita kuipempha ndi `vce(hc3)`, pomwe `vcovHC` wa mu R amayambira pa `HC3`. Anthu awiri angathe kukangana pa mayankho osiyana, aliyense akulumbira kuti wakonza.

Pali zomwe kukonzaku sikuchiza. Njira za `HC` zimayesabe kuti mabanja sadalirana, ndiye pa kafukufuku ngati wa mabanja wa ofesi ya ziwerengero ku Zomba, amene amasankha madera kenako mabanja a m'maderamo, sitandadi era iyenera kuwerengedwa mwa magulu. Ndiponso njirazi sizisuntha mzere. Lamulo la Engel mwiniwake likuloza ku ubale umene ungakhote pamene ndalama zikukwera, ndipo banja la 4,958 lija lagwera mbali yomwe kukhotako kungaliike. N'chifukwa chake mmisiri amayesanso `lm(log(foodexp) ~ log(income), data = engel)`, pomwe kusiyana kumayezedwa mwa maperesenti ndipo banjalo silikhalanso patali chotero ndi anzake, n'kujambulanso zotsala asanasankhe riguresheni yoti alembe m'lipoti.