Tsamba Lake Ndi Liti?

Chaka ndi chaka ophunzira a m'mayunivesite ndi m'makoleji a ku Zambia ndi ku Malawi amalemba za Mkaika. Wina amalemba za mwambo wa Kulamba, wina za ufumu wa Kalonga Gawa Undi, wina za gule wamkulu wa ku Katete. Mapepala awo ndimawawerenga ndi chidwi, koma chimandiwawa mtima ndi kachongedwe kake. Wochonga amazunguliza ndi cholembera chofiira mpatuliro umene wasowa pakati pa dzina ndi chaka, amadandaula kuti dzina la buku silinapendekeke, kenako n'kudutsa osaima pa chiganizo chonena za mphamvu za Undi pa mafumu ena chimene umboni wake wonse ndi Langworthy 1969 basi. Ameneyu ndi kafukufuku wathunthu wa digiri ya udokotala amene Harry Langworthy anapereka ku yunivesite ya Boston, wa masamba mazanamazana. Ndani adzakhale pansi n'kumuwerenga yense kuti apeze chiganizo chimodzicho? Palibe. Ndipo chimene palibe angachitsimikize si umboni.

Mfundo yanga ndi imodzi. Luso lotchula gwero liyesedwe ndi funso ili: kodi wowerenga angathe kuika chala pa mawu enieniwo? Zina zonse zimatumikira funso limeneli, ndipo chida chachikulu pa zonse ndi nambala ya tsamba.

Amene safuna kulemba masamba amabisala kumbuyo kwa lamulo la APA. N'zoona kuti lamulolo limakakamiza tsamba pamene mwatenga mawu a mwini wake ndendende, ndipo limangolimbikitsa pamene mwanena m'mawu anuanu. Koma lamulolo linakulira pa nkhani zifupizifupi za kafukufuku wa maganizo a munthu, pamene mfundo yaikulu ya nkhani yonse ndiyo ikutchulidwa. Mbiri ya anthu siyenda choncho. Buku la Max Marwick la mu 1965, lonena za ufiti pakati pa Achewa a kwa Kawaza, ladzaza ndi milandu, mibadwo ya mabanja ndi ziwerengero. Mukati Marwick anapeza kuti anthu ankanenezana ufiti makamaka pakati pa abale a mbumba imodzi, mwatchula mfundo ya buku lonse, ndipo chaka chokha chingakwane. Koma mukafotokoza mlandu umodzi wa m'mudzi umodzi, kapena mukatenga nambala pa tebulo lake, tsamba liyenera kukhalapo, ngakhale mawu onse akhale anu. Muyeso wake ndi uwu: mfundo ikamachepa ndi kulunjika, nambala ya tsamba imafunika kwambiri. Kusiya tsamba kuli ngati kulondolera mlendo kuti wodwala wake ali ku Katete, osamuuza mudzi.

Tsamba lilinso ndi misampha yake, ndipo apa ndi pamene waluso amadziwika. Woyamba ndi wa zosindikiza zosiyana. Buku la Samuel Ntara, Mbiri ya Achewa, linatuluka koyamba m'zaka za m'ma 1940, linasindikizidwanso pambuyo pake, ndipo mu 1973 linatuluka m'Chingerezi ku Wiesbaden, lomasuliridwa ndi W. S. Kamphandira Jere, lili ndi ndemanga za Langworthy. Tsamba 20 la m'Chichewa si tsamba 20 la m'Chingerezi. Choncho chaka ndi tsamba zichokere pa buku limene lili m'manja mwanu, osati limene munamva kuti ndilo loyamba. Komanso mu la 1973 muli mawu a anthu awiri. Ngati mfundo ili mu ndemanga ya Langworthy inu n'kulemba kuti ananena ndi Ntara, mwaika mawu a katswiri wa ku America m'kamwa mwa mphunzitsi wa Chichewa amene anasonkhanitsa mbiriyo kwa akuluakulu. Kwa wolemba mbiri ya Achewa kulakwa kumeneku n'kwakukulu, chifukwa wowerenga amafunitsitsa kusiyanitsa zimene makolo anasimba ndi zimene wofufuza anaganiza. Chimodzimodzi ulendo wa Antonio Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa mu 1831 popita kwa Kazembe: buku lake la Chipwitikizi ndi la 1854, kumasulira kwa Ian Cunnison n'kwa 1960 ndipo kuli m'mabuku awiri. Tchulani ngati ndi loyamba kapena lachiwiri, kenako tsamba.

Msampha wachiwiri ndi wa pa kompyuta. Ophunzira ambiri amawerenga mapepala a digiri ngati PDF, ndipo amakopera nambala imene pulogalamu ikuonetsa pamwamba. Pulogalamu imawerenga chikuto, kuthokoza ndi zamkatimu, masamba amene mlembi anawapatsa manambala a Chiroma. Ngati masamba oyambawo alipo 12, chimene kompyuta ikuti 57 ndi tsamba 45 pa pepala. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: manambala onse a wophunzirayo amaphonya ndi mtunda wofanana. Lembani nambala yosindikizidwa pa tsambalo. Nkhani za m'magazini a pa intaneti zimene zilibe masamba enieni, monga za PLOS zokhala ndi nambala yoyamba ndi e, zimalondoleredwa potchula mutu wa gawo, ndime kapena nambala ya tebulo. Ndipo tisasokoneze ntchito ziwiri: ku mndandanda wa kumapeto mumalemba tsamba loyamba ndi lomaliza la nkhani yonse, pamene m'kati mwa chiganizo mumalemba tsamba la mfundoyo lokha. Za ibid. ndi op. cit. ndingonena kuti zimafa mukangosuntha ndime imodzi, choncho zisiyeni.

Langworthy yemweyo akutipatsa chitsanzo chabwino cha vuto lina, la zolemba ziwiri za mlembi mmodzi m'chaka chimodzi. Mu 1972 anatulutsa zinthu ziwiri. China ndi mutu wakuti Chewa or Malawi Political Organization in the Precolonial Era, umene uli m'buku la The Early History of Malawi lokonzedwa ndi Bridglal Pachai. China ndi buku lake la Zambia before 1890, lokamba za mitundu yambiri ya m'dzikomo. Wolemba za Undi angagwiritse ntchito zonse ziwiri, ndipo Langworthy 1972 yekha sanena kuti ndi chiti. Mankhwala ake ndi tizilembo: 1972a ndi 1972b. Mu APA tizilemboti timatsata alifabeti ya mitu, osawerengera timawu ta A, An ndi The toyambirira. C amayamba Z asanafike, choncho mutu wa m'buku la Pachai ndi 1972a, buku la Zambia ndi 1972b, ngakhale mutayamba kutchula la Zambia pa tsamba lanu loyamba. Malangizo ena a Harvard amatsata dongosolo limene mwatchulira m'nkhani. Njira imeneyo sindiikonda, popeza mukasintha malo a mitu ya pepala lanu tizilembo tonse timasokonekera. Alifabeti sisuntha.

Chimene ambiri samvetsa n'chakuti kachilemboka si ka bukulo. Ndi ka mndandanda wanu wokha. Mlembi wina amene anagwiritsa ntchito zolemba zina akhoza kukhala ndi 1972b wosiyana ndi wanu. Ndiye mukapeza 1972b m'pepala la wophunzira, koma ku mndandanda kuli Langworthy 1972 mmodzi yekha wopanda chilembo, dziwani kuti mwana ameneyu sanatsegule bukulo. Wanyamula chiganizo cha wina pamodzi ndi umboni wake. Kachilembo kamasiye kameneka kamaulula zambiri kuposa mipatuliro zana, koma ochonga ambiri sakaona! Njira yoona mtima ilipo: nenani kuti mfundoyo ndi ya Langworthy monga anaitchulira wakutiwakuti, ndipo ku mndandanda muike buku limene munawerengadi. Ogwiritsa ntchito Zotero kapena Mendeley asamalenso: mukalowetsa dzina kamodzi ngati Langworthy, H. ndi kena ngati Langworthy, H. W., pulogalamu imayesa kuti ndi anthu awiri ndipo siika tizilembo. Kumene kuli anthu awiri enieni a mfunda umodzi, monga Kings M. Phiri ndi D. D. Phiri, a ndi b sagwira ntchito. Pamenepo mumaika zilembo zoyamba za mayina awo.

Tsono et al. Pano ndi pamene ochonga amatha inki yambiri pa chinthu chongogwirizana. Buku lachisanu ndi chimodzi la APA linkati alembi atatu mpaka asanu atchulidwe onse koyamba, et al. abwere pambuyo. Lachisanu ndi chiwiri, lotuluka kumapeto kwa 2019, likuti kuyambira atatu lembani woyamba ndi et al. nthawi yomweyo, koma ku mndandanda mutchule mayina mpaka 20. MLA imayambiranso pa atatu, ndipo malangizo ambiri a Harvard amayambira pa anayi. Palibe choonadi chakuya apa. Funsani kuti dipatimenti yanu ikutsata liti, mulitsate kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Wochonga amene amadula mamalikisi ndi lamulo lakale pamene wophunzira watsata latsopano akulanga munthu wosalakwa.

Pali malo amodzi pamene et al. amaononga ntchito yeniyeni, ndipo chitsanzo chake chili pakhomo pomwe. Ku Katete ndi ku Sinda kwachitika kafukufuku wambiri wa nyongolotsi yochokera ku nyama ya nkhumba, ndipo nkhani zake zimalembedwa ndi magulu a anthu oposa khumi. Mu 2018 munatuluka nkhani ziwiri zoyamba ndi dzina la Hobbs, lotsatiridwa ndi la Mwape: ina ya ndalama zimene matendawa amatayitsa anthu a ku Katete ndi Sinda, ina yoyesa pulogalamu ya pa kompyuta yophunzitsa ana a pulayimale za nyongolotsiyi. Zonse zikafupikitsidwa zimasanduka Hobbs et al., 2018. Wophunzira amathamangira kuika a ndi b. Mu APA si choncho, chifukwa magulu a alembiwo ndi osiyana. Mumaonjezera mayina mpaka pamene asiyanirana: Hobbs, Mwape, Devleesschauwer, et al., 2018 pa ya ndalama, ndi Hobbs, Mwape, Van Damme, et al., 2018 pa ya ana a sukulu. Lamulo limeneli ndimalikonda kwambiri. Limachotsa chisokonezo, komanso limatulutsa poyera dzina la Kabemba Mwape wa yunivesite ya Zambia, limene et al. akanalimeza. M'kafukufuku wochitikira kwathu, mayina a eni dziko nthawi zambiri amakhala achiwiri kapena achitatu, choncho kufupikitsa kuthere m'chiganizo, ku mndandanda mayina alembedwe monga lamulo lilolera. Kumbukiraninso kuti et al. amaimira anthu angapo. Ngati watsala mmodzi yekha, mlembeni dzina.

Kwa aphunzitsi ochonga ndili ndi pempho. Musanayambe kusaka mipatuliro, sankhani malo atatu m'pepalamo pamene wophunzira wanena mfundo yolunjika, mutenge mabukuwo, mutsegule pa masamba amene watchula. Kenako muonetsetse kuti a aliyense ali ndi b wake, m'nkhani ndi ku mndandanda. Mfundo zikapezeka pamalo pake, wophunzirayo wagwira ntchito, ndipo zotsalazo angazikonze madzulo amodzi. Zikapanda kupezeka, mbwezereni pepalalo ngakhale litaoneka laukhondo chotani, pakuti amene adzaliwerenge pambuyo pake adzalemba za Undi podalira iyeyo.