Dzinja si *winter*: funso limodzi lomwe linatisokoneza ku Ntaja

Mu Sepitembala 2024 ndinapeza kaganyu kofunsa mafunso pa kafukufuku wina wa zaulimi m'midzi yozungulira Ntaja ku Machinga, ndipo sabata yachiwiri tinalowera ku Utale m'boma la Balaka. Mafunso analembedwa m'Chingerezi, wina n'kuwamasulira m'Chichewa, ife n'kumangowerenga pa tabuleti. Funso lina la m'Chingerezi linali lokhudza *winter cropping*, ndipo m'munsi mwake munali mawu akuti: "Munakolola zochuluka bwanji pa ulimi wa m'dzinja chaka chino?"

Mayi woyamba amene ndinawafunsa anati thumba limodzi ndi theka, chifukwa cha ng'amba. Sindinadabwe. Chimanga chinali chitapserera m'minda mu Febuluwale, ndipo mu Malichi boma linali litalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. Ndinalemba. Kenako ndinawerenga funso lotsatira: "Mbewuzo mumathirira ndi chiyani?" Mayiwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kuthirira m'dzinja? Mwanangu, m'dzinja amathirira ndi Mulungu."

Pomwe tinakhalapo tinkaona dimba lawo kumunsi kwa khwawa, lobiriwira bwino, muli chimanga, tomato ndi mpiru. Dimba limenelo ndi lomwe eni kafukufuku ankafuna kumva. Funso lathu silinalikhudze n'komwe.

Womasulirayo sindikumuseka, chifukwa anachita zomwe ambirife tinaphunzira. Pitani pa tchati cha nyengo chopachikidwa m'kalasi, kapena funsani mnzanu aliyense wa ku koleji kuti dzinja m'Chingerezi n'chiyani, kawirikawiri mumva *winter*, chilimwe n'kukhala *summer*, masika n'kumangoponyedwa uku ndi uku pakati pa *spring* ndi *autumn*. Chomwe ndikutsutsa ndi mndandanda umenewu. Ndikuona kuti ndi wolakwika kuchokera pamaziko, chifukwa mawu a mbali ziwirizi sayeza chinthu chimodzi.

Nyengo zinayi za Chingerezi zimatsata dzuwa. Ku London tsiku la mu Juni limatalika kupitirira maola 16, la mu Disembala silifika ngakhale maola 8. Kusiyana kumeneku ndi komwe kumabweretsa kutentha ndi kuzizira, ndipo mawu awo anamangidwa pamenepo. Ku Balaka usana umangosewera pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse. Chomwe chimagawa chaka kwathu kuno ndi madzi, komanso ntchito yomwe khasu likugwira. Dzinja ndi nthawi ya mvula, kuyambira cha mu Novembala kapena Disembala mpaka Malichi kapena Epulo: kubzala, kupalira, kubandira, matope, udzudzu, nkhokwe zopanda kanthu. Masika ndi pamene mvula ikutsazika ndipo zakumunda zacha. Zimayamba ndi mondokwa ndi maungu, n'kudzathera pa kusanja mikukwe ndi kututa mu Epulo ndi Meyi. Chilimwe ndi chilimwe: dzuwa, fumbi, lupsa, kusosa ndi kugalauza, mpaka mitambo itayambanso kusonkhana. M'mawu onsewa mulibe limodzi lomwe tanthauzo lake lenileni ndi kuzizira. Kuzizira kuli ndi dzina lake, chisanu, ndipo kumabwera mu Juni ndi Julayi, mvula itaiwalika.

Tsono *winter* wa mu *winter cropping* ndi wa Chingerezi cha kuno kummwera kwa Africa, wotanthauza miyezi yozizira ija. Alangizi a zaulimi akamanena mawuwa amatanthauza ulimi wa m'madimba ndi wamthirira, womwe umayamba anthu atakolola n'kupitirira mpaka mu Okutobala. Mukawamasulira kuti "ulimi wa m'dzinja" simunangophonya pang'ono ayi, mwanena chosemphana nacho ndendende. Zili ngati wakutumani ku Liwonde inu n'kukwera minibasi ya ku Ntcheu.

Kodi ukwati wa dzinja ndi *winter* unachokera kuti? Ine ndikuona zifukwa ziwiri, ndipo zonse si zopusa. Choyamba ndi kalendala. Disembala, Januwale ndi Febuluwale ndi pakatikati pa dzinja kuno, ndipo ndi miyezi yomweyo ya *winter* ku Ulaya. Munthu woyang'ana mayina a miyezi okha aona ngati mawuwa ndi amodzi. Chachiwiri ndi momwe nyengozi zimamvekera m'thupi: zonse ndi nthawi ya mitambo, yonyowa, yomwe chakudya chosunga chimatha. Palinso malo omwe ukwatiwu umagwira ndithu. Ku Palesitina mvula imagwa m'miyezi yozizira, choncho womasulira nkhani ya kumeneko akati dzinja sananame.

Vuto limabwera pamene mndandanda umodzi ukusintha muyeso pamzere uliwonse. Dzinja lapatsidwa *winter* potengera miyezi ya ku Ulaya. Chilimwe chapatsidwa *summer* potengera kutentha. Masika akapatsidwa *autumn* ndiye kuti tatengera ntchito, poti zonse ndi nthawi yokolola, koma akapatsidwa *spring* tabwereranso ku kalendala ya ku Ulaya. Mapeto ake mwana wa Sitandade 5 akuloweza chaka chomwe sichipezeka kulikonse padziko lapansi. Taonani anzathu Achishona ku Zimbabwe. Nyengo yawo ya mvula amaitcha zhizha, ndipo poimasulira amati *summer*, chifukwa amatsata kalendala ya kummwera kuno komwe Disembala ndi mwezi wotentha. Mvula yake ndi yomweyi, miyezi yake yomweyi, koma ife tinaipatsa dzina la mbali ina.

Mitengo nayonso imakana kulowa m'tchatimo. M'mabuku a Chingerezi masamba amaphuka mu *spring*, nthawi yozizira itangotha ndipo nthaka ili yonyowa. Kwerani msewu wa ku Ntaja mu Sepitembala muone mitengo ya miombo m'mapiri a Chikala: imatulutsa masamba ofiirira atsopano pakati pa chilimwe, dontho la mvula lisanagwe. Milambe ya ku Balaka imakhala mbulanda chilimwe chonse. Ndiye pali msangu, womwe umachita zake zokha. Umayoyola masamba m'dzinja, n'kubiriwira m'chilimwe, ndipo n'chifukwa chake alimi amausiya m'munda, poti suphimba chimanga. Mukauza mlimi kuti masamba amagwa m'masika, akufunsani kuti a mtengo uti.

Apa ndiyenera kudzidzudzula ndekha, chifukwa ophunzira zilankhulofe tili ndi matenda athu: tikakana mndandanda wa azungu timathamangira kupanga wathu wa mabokosi anayi, dzinja, masika, chisanu, chilimwe, lililonse ndi miyezi yake itatu. Anthu salankhula choncho. M'masabata awiri aja ndinamva ena akugawa chaka pawiri basi, dzinja ndi chilimwe, chisanu n'kukhala gawo la chilimwe. Ena amati malimwe pofuna kunena nyengo yonse youma. Masika ndi chisanu zimalowana, moti mu Meyi munthu akhoza kukhala akukolola atavala juzi. Ndipo malire a dzinja sali pa deti. Mvula yoyamba ya mu Okutobala, chizimalupsa, siyambitsa dzinja. Dzina lake likunena ntchito yake, kuzima lupsa, ndipo wobzala nayo amadziwa kuti akuchita juga ndi mbewu. Dzinja limayamba ikagwa mvula yobzalira, yomwe ingathe kufika pakati pa Novembala ku Ntaja koma n'kuchedwa masabata angapo kuchigwa cha Shire. Midzi iwiri ya boma limodzi ikhoza kukhala m'nyengo ziwiri zosiyana tsiku lomwelo. Mvula ya mawawa ya chiperoni, yomwe dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, imagwa mu Juni kapena Julayi, koma palibe anganene kuti dzinja labwerera. Choncho ngakhale kutanthauzira kwanga koti "dzinja ndi nthawi ya mvula" n'koperewera. Ndi nthawi ya mvula yolimira.

Ku Machinga kuli chinanso chomwe womasulira wa mu ofesi sachiona. Anthu ambiri amene tinkawafunsa chilankhulo chawo cha pakhomo ndi Chiyao, momwe nyengo ya mvula ndi chuku, ndipo youma ndi chau. Funso lathu linkayenda ulendo wautali: kuchoka m'Chingerezi, kulowa m'Chichewa cha pa tabuleti, mwina n'kudutsanso mwa mdzukulu womasulirira agogo ake. Likangofika pa dzinja limasanduka chuku, ndipo palibenso njira yobwerera kudimba. Mawu akuti masika nawo ndi oyenda nawo mosamala. M'Chiswahili alipo, koma kumeneko amatanthauza mvula yaikulu ya Malichi mpaka Meyi. Miyezi ikufanana ndi yathu, chochitika m'miyeziyo n'chosiyana.

Cholakwika chathu chija chinaonekera m'mayankho momwemo, ndipo aliyense woyang'ana mayankho a kafukufuku wotere angachigwire. Mabanja omwe pafunso lina anati alibe dimba anali ndi zokolola za *winter cropping*. Mbewu zotchulidwa zinali nandolo, thonje ndi mtedza, zomwe ndi za kumunda, pomwe tomato, mpiru ndi anyezi sizinkaoneka. Funso la kuthirira ambiri ankalidumpha. Ndipo chifukwa chomwe ankapereka cha kuchepa kwa zokolola chinali ng'amba ya mu Febuluwale, mwezi womwe madimba ambiri amakhala atamira kapena atasiyidwa. Ripoti likanatuluka choncho likananena kuti ulimi wa m'madimba unalephera m'midzi yomwe madimbawo ndi omwe ankadyetsa anthu chaka chimenecho.

Madzulo a tsiku lachitatu tinakhala pansi ndi otiyang'anira. Mnzanga wina anati tingosintha n'kulemba "ulimi wa m'nyengo yozizira". Ndinakana, ngakhale ndi womasulira wolondola liwu ndi liwu, chifukwa tinali mu Sepitembala, thukuta lili kamukamu, ndipo madimba anali pachimake. Wobzala mu Ogasiti akanati funsolo silikumukhudza. Wina anati "ulimi wa m'chilimwe", zomwe zinali pafupi, koma kwa ena chilimwe chimayamba mphepo ya mwera ikaleka, ndiye wobzala mu Meyi akanatsala kunja. Tinamaliza n'kuchotsamo dzina la nyengo lililonse. Funso linakhala lakuti: "Mutakolola kumunda, munalimanso kudimba kapena malo othirira?" Ndi momwe anthu eniake amasiyanitsira, munda ndi dimba.

Tinabwerera m'makomo onse a masiku atatu aja. Mayi aja anandilandira akuseka, nati, "Mwabwereranso ndi dzinja lanu lothirira?" Nditawerenga funso latsopanolo anayamba kuwerengera pa zala: tomato anabzala mu Meyi, chimanga mu Julayi, ndipo mondokwa ankayembekeza kuyamba kugulitsa pa msika wa Ntaja mu Okutobala, chizimalupsa chisanagwe.