Zala zitatu za mwana wa ku Thyolo

Amene anaonapo anthu akuthyola tiyi m'minda ya Satemwa, Conforzi kapena Naming'omba amadziwa kuti ntchitoyi ndi ya zala. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zimatsina masamba awiri ndi kansonga kake, n'kuponya m'dengu la kumsana. Zala zomwezi, kuwonjezapo chapakati, ndi zimene zimagwira pensulo. Makolo akalawirira kumunda, ana ambiri amatsala kusukulu za mkombaphala za m'midzi yozungulira, ndipo kumeneko ndinaonerera mlezi wina akukonzekeretsa zala zitatuzi popanda kope ngakhale limodzi.

Mayiyu amayamba ndi dongo. Satapa katondo wofiira wa m'mphepete mwa msewu, chifukwa akauma amangofumbutuka. Amatenga dongo lomata la kudambo, kulichotsa timiyala, n'kulikanda madzulo kuti ligone m'masamba a nthochi. Kuti adziwe ngati lakhala bwino, amapota kachingwe konenepa ngati chala n'kukapinda. Kakang'aluka ndiye kuti madzi achepa. Kakamatirira m'manja ndiye kuti achuluka. Mwana aliyense amalandira mbulu wonga dzira la nkhuku, wokwana m'dzanja lake.

Luso lake lili pa ndondomeko. Choyamba mwana amafinya ndi dzanja lonse, kenako amabulungiza mpira pakati pa zikhatho, kenako amapota njoka pansi. Pomaliza amaumba ng'ombe, ndipo apa ndi pamene mayiyu amayang'anitsitsa. Thupi la ng'ombe aliyense angaumbe ndi chikhatho, koma nyanga ndi linunda sizituluka popanda kutsina ndi nsonga za zala. Ng'ombe yopanda nyanga imamuuza kuti zala sizinakhwime.

Panali kamnyamata ka zaka 4 komwe kankagwira khala ngati mpini wa khasu. Kakamajambula pakhoma, mkono wonse unkayenda kuchokera paphewa, ndipo mzere umodzi wokha kanali katatopa. Mlezi sanakapanikize zala kuti zigwire bwino. Anakapatsa kamwala kakang'ono kuti kafumbate ndi zala ziwiri zakumapeto, uku zitatu zinazo zikutsina nyanga. "Iwe, mwalawo usagwe," ankatero. Apa mayiyu ankagawa dzanja pawiri: mbali ina igwire chilili, ina iziyenda. Polemba dzanja limagwiranso ntchito chomwechi.

Dongo likapereka mphamvu, mikanda imaphunzitsa diso ndi dzanja kuyendera limodzi. Mikanda yogula ndi yodula komanso yaing'ono kwambiri, choncho ana amaumba yawo. Amabulungiza timipira, mlezi n'kutiboola ndi kamtengo tisanaume, n'kutiyanika pamthunzi chifukwa dzuwa lamphamvu limating'alula. Chingwe ndi cha khonje, ndipo nsonga yake amaiviika m'phala la ufa wa chinangwa kuti ikauma ilimbe ngati singano. Ana a zaka 3 amayamba ndi timadulo ta bango ta bowo lalikulu; okulirapo amatunga mikanda 10, wofiira ndi wakuda mosinthanasinthana. Dzanja limodzi limagwira mkanda, lina limalowetsa chingwe, monga mmene lina lidzagwirire kope lina likulemba. Apa mlezi amaonanso dzanja limene mwana amakonda, ndipo wamanzere samukakamiza kusintha. Mbewu zing'onozing'ono monga nandolo sazibweretsa kwa aang'ono, poopa kuti angazilowetse m'mphuno kapena m'khutu.

Kung'amba pepala kumabwera pomaliza chifukwa kumafuna kuchepetsa mphamvu. Mwana wosazolowera amafumbata pepala ndi nkhonya ziwiri n'kukokera uku ndi uku, pepala n'kuphulika paliponse. Mlezi amamuyandikizitsa zala zazikulu ziwiri m'mphepete, dzanja lina lipite kutsogolo, lina libwerere kumbuyo. Amadziwanso khalidwe la nyuzipepala: mbali ina imang'ambika mowongoka, ina imakhotakhota. Oyamba amawapatsa mbali yosavutayo kuti atulutse timizere tatitali. Akazolowera amawajambulira mzere wokhota ndi khala kuti autsate, kenako bwalo, lomwe ndi thupi la zilembo a, o ndi d. Tizidutswa totsala amatimata ndi phala lija.

Mayiyu sanyengeka kuti masewerawa amaphunzitsa zilembo. Mwana woumba ng'ombe yokongola amayenerabe kuonetsedwa kumene chilembo chimayambira, n'chifukwa chake tsiku limatha ndi kulemba pamchenga ndi chala. Salolanso gawo limodzi kupitirira mphindi 15, pakuti zala zikatopa mwana amabwerera kunkhonya.

Mwana wa zaka 6 akamalowa Sitandade 1, mphunzitsi wa kalasi yodzaza alibe nthawi yowongola dzanja lililonse. Inu makolo, mwana akabwera ndi dongo m'zikhadabo musamukalipire. Tengani ng'ombe yakeyo muone ngati ili ndi nyanga.