Za Mau Aatali ndi Aafupi m'Chingerezi: Langizo la Bwana Gowers

M'chaka cha 1948 Sir Ernest Gowers, mkulu wa ntchito za boma ku Mangalande, anasindikiza kabuku kotchedwa Plain Words. Anakalemba atapemphedwa ndi akulu osunga chuma cha boma, pakuti makalata a alembi ao anali kusautsa anthu owalandira. Mwa malangizo ake limodzi lawanda koposa, ndilo lakuti wolemba aleke mau aatali pamene alipo aafupi onena chomwecho: asalembe utilise koma use, asalembe commence koma begin kapena start. Popeza ambiri a inu muphunzitsa Chingerezi ndi kukonza makalata a ana, tati tiliyese langizoli.

Kwakukulu tilivomereza. Taonani chidziwitso chonga ichi: School will commence on Monday and pupils will utilise the new well. Tikachimasulira, chingonena kuti sukulu iyamba Lolemba ndipo ana adzatunga pa chitsime chatsopano. Ikani start ndi use m'malo mwa mau awiriwo, ndipo palibe kanthu katayika. Koma kholo lodziwa Chingerezi pang'ono lidzamva msanga. Mwana amene alemba commence m'kalata yopempha ntchito ayesa kuti waonetsa ulemu, monga munthu wovala jekete lobwereka. Wowerenga aona jeketelo, koma mwini wake osamuona.

Tsono pali chifukwa china chimene ambiri apereka, ndipo ife sitichikhulupirira. Amati mau aafupi ndiwo Chingerezi chenicheni, ndi aataliwo ndi alendo ochokera ku Chifalansa ndi Chilatini. Abale awiri a kwa Fowler anaika lamulo lotere m'buku lao The King's English m'chaka cha 1906, ngakhale analiika potsiriza pa malamulo asanu. Nzoona kuti Anormani atagonjetsa Mangalande mu 1066, Chifalansa chinakhala chinenero cha mafumu ndi mabwalo a milandu, ndipo commence analowa ndi njira imeneyo. Koma use nayenso anachokera ku Chifalansa komweko! Chowasiyanitsa si mtundu ai, koma kuzolowereka. Use anakhala pakamwa pa anthu zaka mazana ambiri, pamene utilise anafika mochedwa, zaka za m'ma 1800 zitayamba, ndipo anakhazikika m'mabuku ndi m'maofesi.

Chimene tiopa makamaka ndicho kusintha mau mwachimbulimbuli, ngati kuti awiriwo ali ofanana ponseponse. Utilise ali ndi kamunda kake kakang'ono: kupezera ntchito chinthu chimene chikadatayika, kapena chimene sichinapangidwire ntchitoyo. Mlimi wokwirira mapesi a chimanga kuti asanduke manyowa, kapena mai wosoka matumba akale akhale chotchinga pazenera, amenewo tinganene kuti achita utilise. Koma munthu wolima ndi khasu angochita use, pakuti khasu nlolimira kale. Ngakhale pa mapesi paja use akwanira, chifukwa mau ena a m'chiganizo aonetsa kale kuti chinthucho chinali chotaya. Chifukwa chake use akhoza kulowa pafupifupi paliponse pali utilise, koma utilise sangalowe paliponse pali use.

Momwemonso ndi start. Mau amenewa pachiyambi anatanthauza kudumpha kapena kudzidzimuka, ndipo mphamvu imeneyo ikalimo. Woyendetsa galimoto anena start the engine. Kunena commence the engine nkulakwa ndithu. Chinenero chathu chitithandiza pano, pakuti sitinena kuyamba galimoto koma kuliza galimoto. Mwana akafunsa, muuzeni kuti pamene ife tinena kuyamba, Mngerezi akhoza kusankha mwa mau atatu aja. Pamene tinena kuliza, ali ndi start yekha. Commence timsiyire a malamulo, amene alemba za tsiku loyamba kugwira ntchito lamulo kapena pangano. Pamenepo ndi mau a ntchito yao, ndipo mphunzitsi asawakonze.

Pokonza makalata a ana, tipempha kuti musangodula mau aataliwo ndi cholembera chofiira. Mwana wodulidwa chotero aganiza kuti mau aatali onse ngoletsedwa, ndipo mawa adzaopa ngakhale hospital ndi education, amene alibe anzao aafupi. Koma mumuitane, muloze commence wakeyo, nimumfunse kuti, "Kodi ukadanena chiyani m'chinenero chathu?" Akati "kuyamba," alembe yekha start pamwamba pake, nawerenge chiganizo chonse mokweza, kawiri, poyamba ndi mau akale, pambuyo ndi atsopano.