Masamba atatu m'dilowa ya pansi pa kauntala

Mnyamata yemwe ankasamala kompyuta ya m'sitolo ya malume anga atatsala pang'ono kunyamuka ulendo wa ku Joni, anasiya masamba atatu olembedwa pa makina, omangidwa ndi pini, m'dilowa momwe mumakhala mabuku a malisiti. Sitoloyo ndi ya zipangizo zomangira nyumba: simenti, misomali, malata, penti. Malonda onse, katundu wotsala ndiponso ngongole za amisiri omwe amatenga zinthu n'kudzalipira kumapeto kwa mwezi, zonsezi zimakhala mu detabesi ya MySQL pa kompyuta imodzi ya pa kauntala. Masambawo ndawawerenga kangapo, ndipo chomwe chandigwira mtima n'chakuti wolembayo sakhulupirira fayilo chifukwa choti yaoneka. Paliponse pomwe wauza munthu choti achite, wamuuzanso choti aone ndi maso.

Chiganizo choyamba chikuti: "Ngati mukuwerenga izi kompyuta itafa kale, yambirani pa tsamba lachitatu." Munthuyu akutidziwa bwino, kuti chikalata chotere sitichitsegula zinthu zili bwino, timachifuna mzere wa makasitomala utafika pakhomo. Komabe tiyeni tiyambire pomwe iye anayambira.

Pa tsamba loyamba pali mzere umodzi wokha womwe umapanga bakapu, kapena kuti kope la detabesi yonse. Pulogalamu ya `cron` ndiyo imauyendetsa yokha nthawi ikakwana:

```
30 17 * * 1-6 mysqldump --single-transaction sitolo | gzip > /bakapu/sitolo-$(date +\%F).sql.gz
```

Manambala oyambirirawo akutanthauza 5:30 madzulo, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Sitolo imatsekedwa 5 koloko, ndiye kope limatengedwa pamene mayi wa pa kauntala akuwerenga ndalama za tsikulo, kompyuta isanazimitsidwe. Nthawi imeneyi sanangoitola. Akanaika pakati pa usiku monga amachitira a makampani akuluakulu, sibwenzi bakapu ikuchitika n'komwe, poti kompyuta ya m'sitolo imagona yozima. Pansi pa mzerewo analembapo kuti: "Magetsi akakhala kuti anazima 5:30, bakapu ya tsikulo palibe. Siidzipanga yokha mawa. Ipangeni pamanja m'mawa musanadule lisiti loyamba." Akunena zoona, `cron` sabwerera ntchito yomwe yamudutsa makina ali ozima. Nthawi ikapita yapita, iye amangodikira ya mawa.

Ndime yotsatira ndiyo ndimaikonda kuposa zonse. Ikuti: "Musanazimitse, onani kukula kwa fayilo ya lero. Ikakhala `20`, mulibe kanthu." Munthu wosadziwa angadabwe kuti bwanji 20 yeniyeni. Nkhani ili pa kamzere koimirira kali pakati pa `mysqldump` ndi `gzip`. Woyambayo amatulutsa zonse za mu detabesi, wachiwiriyo amazipanikiza kuti zichepe n'kuzilemba m'fayilo. Tsono tiyerekeze kuti wina wasintha pasiwedi ya detabesi koma waiwala kusinthanso m'kafayilo ka `.my.cnf` momwe `mysqldump` amaitenga. Akafika pa detabesi amabwezedwa, satulutsa chilichonse. Koma `gzip` alibe nazo ntchito zimenezo. Amalandira chopanda kanthu, n'kuchikulunga bwinobwino, n'kulemba fayilo ya mabayiti 20 yokhala ndi dzina labwino ndi deti la lero. Mukangoyang'ana mayina m'foda muona mndandanda wokongola, tsiku lililonse fayilo yake, ngati matumba a chimanga osanjidwa m'chipinda koma onse ali odzaza mphepo. Zoterezi zikhoza kutha miyezi popanda wozindikira.

Kukula kokha sikukwanira, ndipo wolembayo akudziwa. Magetsi akazima ntchito ili mkati, kapena malo akatha pa disiki, fayilo imatha kukhala yaikulu ndithu koma yoduka. N'chifukwa chake anawonjezera lamulo ili:

```
zcat /bakapu/sitolo-$(date +%F).sql.gz | tail -n 1
```

Mzere womaliza uyenera kuyamba ndi `-- Dump completed on` kenako deti ndi nthawi. Mawu amenewa `mysqldump` amawalemba pokhapokha wafika kumapeto. Akasowa, kapena pakatuluka dandaulo loti fayilo yathera panjira, kope limenelo musalidalire. Apa ndiye pali luso la chikalatachi. Sichikuti "onetsetsani kuti bakapu yayenda bwino", mawu omwe mayi wa pa kauntala sangadziwe pogwira. Chikumupatsa nambala imodzi yoipa ndi mawu atatu abwino, moti ngakhale munthu yemwe sanaphunzirepo za makompyuta akhoza kuweruza.

Za mafulashi wadutsapo mwachangu, ndipo nane sindichedwapo. Alipo awiri, wofiira ndi wakuda. Loweruka lililonse mafayilo amakoperedwa pa mmodzi, ameneyo amapita kunyumba kwa malume, winayo n'kubwera Lolemba. Nzeru yake njoti akuba kapena moto zikatenga kompyuta zisatengenso kope. Chomwe sananene n'chakuti kope la kunyumbalo limatha kukalamba ndi sabata yathunthu: kompyuta ikabedwa Lachisanu usiku, malonda a masiku asanu apita nayo. Sananenenso kuti pa fulashiyo pali mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu, zosakhoma ndi pasiwedi iliyonse. Fulashi yoyenda m'thumba la malaya pa minibasi si kanthu kovuta kutaya.

Tsamba lachiwiri ndi la kuyesa. Mutu wake ndi chiganizo chathunthu: "Kope lomwe simunalibwezeretsepo musaliwerengere." Kamodzi pa mwezi, akuti, mutenge fayilo ya pa fulashi, osati ya pa kompyuta, muithire mu detabesi yapadera:

```
mysql -e "CREATE DATABASE IF NOT EXISTS sitolo_yesero"
zcat FAYILO.sql.gz | mysql sitolo_yesero
mysql sitolo_yesero -e "SELECT MAX(lisiti) FROM malonda"
```

Mawu oti `_yesero` anawadula mzere kunsi kawiri ndi bolopeni, osanena chifukwa. Chifukwacho ndi choopsa, ndipo ndikanakonda akanachilemba poyera. M'fayilo yopangidwa ndi `mysqldump`, tebulo lililonse limayamba ndi `DROP TABLE IF EXISTS`, kutanthauza kuti fafaniza lomwe lilipo kenako umange latsopano. Munthu akaiwala mawu aja n'kulemba `sitolo` yekha, ndiye kuti wagwetsa malonda a lero n'kuikapo a sabata yatha, iye akuganiza kuti akungoyesa. Palinso msampha wina womwe ukudikira wodzalowa m'malo mwake. Wina wofuna kukonza zinthu akadzawonjezera `--databases` pa mzere wa bakapu uja, fayilo imayamba kunyamula lamulo la `USE` lotchula detabesi yeniyeniyo, ndipo ngakhale mutalemba `sitolo_yesero` molondola, zonse zimakathiridwa mu `sitolo`. Mzere wodulidwa ndi bolopeni umachenjeza munthu yemwe akudziwa kale chomwe akuopa. Winayo amangouona ngati chokongoletsa.

Komwe tsambali likupambana ndi pa mapeto a mayeso. Silikukhutira ndi zoti lamulo layenda osadandaula. Likuti nambala ya lisiti lomaliza ifanane ndi yomwe mayi wa pa kauntala analemba m'buku la ndalama tsiku lomwe fayilo inapangidwa, ndiponso chiwonkhetso cha ngongole chifanane ndi cha m'kabuku ka malume. Tinayesa limodzi ndi mayiyo Loweruka lina titatseka. Sikirini inaonetsa nambala, iye anatsegula buku lake la chikuto cholimba lomwe ngodya zake zinapindika ndi fumbi la simenti, anatsetsereka ndi chala mpaka pa tsikulo, n'kungoti, "Ndi yomweyo." Umboni ukuchokera kunja kwa kompyuta, m'buku lomwe kompyutayo singalinamize. Pansi pa tsambalo pali mizere yolembapo deti, nambala yomwe yatuluka ndi dzina la woyesa, kotero kuti mwezi ukadumphidwa mpata wake umaonekera.

Koma mayeso onsewa akuchitikira pa kompyuta yomweyo, ndipo apa ndi pomwe chikalatachi chikudzinamiza pang'ono. Pa kompyuta imeneyo MySQL alipo kale, pulogalamu yodulira malisiti ilipo kale, mapasiwedi ali m'malo mwake. Tsiku lomwe kope lidzafunike zenizeni, zonsezi sizidzakhalapo. Fayilo ya bakapu ili ndi matebulo a `sitolo` okha. Maakaunti olowera ndi zilolezo zawo MySQL amazisunga kwina, mu detabesi yake yotchedwa `mysql`, yomwe mzere uja suikhudza. Pulogalamu yogulitsira nayo mulibemo, ngakhalenso nambala ya laisensi yake. Pa masamba onse atatu palibe pomwe alemba kuti MySQL wake ndi wa mtundu uti. Mayeso oona akanakhala obwereka laputopu yomwe sinaonepo za sitoloyi, n'kuona ngati munthu angafike podula lisiti pogwiritsa ntchito fulashi ndi masamba atatuwa basi, wotchi ili pambali.

Tsamba lachitatu, lomwe tinauzidwa kuyambira zinthu zikavuta, silikuyamba ndi nambala ya foni. Likuyamba ndi zoletsa: "Musaike pulogalamu iliyonse. Musalole aliyense kufufuta kompyuta kuti ayambirenso. Tulutsani buku la malisiti a pamanja, pitirizani kugulitsa." Choletsa chachiwiricho chikuonetsa kuti wolembayo amawadziwa amisiri a pamsika, omwe mankhwala awo a matenda alionse ndi kufufuta zonse n'kuikamo zatsopano. Kompyuta imadzukadi, koma disiki yomwe mwina ikanapulumutsa malonda a tsikulo imakhala yasesedwa.

Kenako pali chiganizo chomwe poyamba ndinachiona ngati ulemu chabe: "Wolamula kuti kope libwezeretsedwe mu `sitolo` ndi abwana okha." Si ulemu ayi, ndi nkhani ya ndalama. Detabesi ikasokonezeka 3 koloko masana, kubwezeretsa kope la dzulo madzulo kukutanthauza kutaya zonse zomwe zalowa kuyambira m'mawa, kuphatikizapo mmisiri yemwe wabweza theka la ngongole yake 10 koloko. Zimenezo ziyenera kulowetsedwanso pamanja, ndipo woyenera kuvomereza kuti zitheka ndi mwini ndalamazo, osati wogwira kiyibodi. Chikalatachi chikuwonjezanso kuti musanabwezeretse, mutenge kaye kope la detabesi yosokonezekayo momwe ilili, kuti ngati mwalakwitsa mukhale ndi pobwerera.

Mndandanda wa oimbira wasanjidwa potengera chizindikiro, osati udindo. Kompyuta ikakana kuyaka, imbirani wokonza makina. Pulogalamu ikatseguka koma n'kumakana kulowa, imbirani omwe anatigulitsa pulogalamuyo, ndipo muwawerengere mawu ali pa sikirini momwe alili, kapena muwajambule pa foni. Fayilo ikakhala 20, kapena manambala akasiyana ndi a m'buku, "ndiimbireni ine." Palinso envulopu ya mapasiwedi yolembedwa kuti "ndifunseni ine." Ndinawerenga, ndipo mawu akuti "ine" akupezeka pa mavuto onse okhudza detabesi yeniyeniyo, pamene chikalatachi chinalembedwa chifukwa choti iyeyo akuchoka. Nambala yomwe anasiya ndi ya kuno kwathu. Nditaiyesa sabata yachitatu chichokereni, inali yosapezeka, ndipo malume anandiuza kuti ya ku Joni anawatumizira koma ili mu foni yawo yomwe inagwera m'ndowa ya madzi.