Cholembera cha malume

Malume anga anagwira ntchito ya ukalaliki kukhoti zaka zambiri, ndipo chipumireni pantchito anthu amabwera pakhonde pawo kudzalembetsa makalata a madandaulo. Ndinawaonerera tsiku lina akuthandiza mayi wamasiye amene anali atatha miyezi isanu ndi inayi akulondola ndalama za malemu amuna awo ku ofesi ina ya boma. Mayiwo anabwera ndi kalata yolembalemba kale, ndipo mzere woyamba unkati: "Bambo Uje ndi mbava, anadya ndalama za amuna anga."

Malume anawerenga mpaka kumapeto, osawadzudzula. Kenako anafunsa modekha: "Mayi, ndalamazo munawaona akuzitenga?" Mayiwo anati ayi, koma aliyense akudziwa. "Nanga chimene munaona ndi maso anu, ndi chimene munamva ndi makutu anu, n'chiyani?"

Apa m'pamene nkhani yeniyeni inatuluka. Mayiwo anapereka mapepala onse kwa bamboyo ndipo anapatsidwa kapepala kodindidwa chidindo. Anabwererako kasanu. Ulendo wachitatu anauzidwa kuti fayilo yasowa. Ulendo wachinayi bamboyo anati ikhoza kupezeka patakhala "kangachepe", natchula K50,000. Mwana wawo wamkazi anali pomwepo.

Malume anafufuta mawu oti mbava, n'kulemba motere: "Pa 4 Malichi ndinapereka mapepala kwa Bambo Uje, ndipo kapepala kolandirira ndakaphatikiza. Pa 17 Juni anandiuza kuti fayilo yasowa. Pa 8 Julayi, mwana wanga ali pomwepo, anandiuza kuti ndikapereka K50,000 fayilo ipezeka. Sindinapereke. Mpaka lero sindinalandire ndalama ngakhale kalata yofotokoza chifukwa chake."

Chimene ndimasirira n'chakuti kalatayo sinafewe ngakhale pang'ono. Dzina la bamboyo lilimo, ndalama imene anatchula ilimo. Chachoka ndi chigamulo chokha. Mawu oti mbava akunena kuti munthu anaba, ndipo bamboyo atasuma kuti amuipitsira mbiri, mayiwo akanafunika kuonetsa kuti kubako kunachitikadi, pamene umboni wake analibe. Koma mzere uliwonse wa malume uli ndi chouchirikiza: kapepala, tsiku, mboni. Mawu oti ziphuphu sanalembedwe paliponse, komabe wowerenga aliyense amafika yekha pamenepo.

Mayiwo anafuna kuwonjezera kuti anthu amati bamboyo anamanga nyumba ndi ndalama za amasiye. Malume anakana. "Kulemba kuti akuti sikukupulumutsani, mayi. Wobwereza mphekesera amaisenza ngati yake." Anakananso mawu oti bamboyo anabisa dala fayilo, chifukwa za mumtima mwa munthu palibe anaziona. M'malo mwake anaika funso: "Ndikupempha kuti mufufuze kumene fayilo yanga inali kuyambira Malichi, ndi amene ankaisunga." Kukayikira kwa mayiwo kunalowabe m'kalatamo, koma ngati ntchito yoti wofufuza agwire.

Luso lina linali posankha kumene kalata ipite. Za kuchedwa ndi kusayankhidwa anazilembera ofesi ya Ombudsman, imene malamulo aakulu a dziko lino a 1994 anaikhazikitsa kuti izifufuza pamene munthu wachitiridwa zosalungama. Za K50,000 anati zipite ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, ndipo anawachenjeza mayiwo kuti kuuza bungweli zabodza mwadala ndi mlandu. Anafotokoza kuti lamulo limateteza munthu amene wadandaula moona mtima kwa amene ali ndi udindo womva dandaulolo, ngakhale zina zitalephera kutsimikizika pambuyo pake. Chitetezocho chimatha ngati walemba mwanjiru, podziwa kuti n'zabodza, kapena ngati wamwaza kalatayo kwa anthu amene siikuwakhudza. Mwana wa mayiwo atanena zoijambula n'kuitumiza pagulu la WhatsApp la kumpingo, malume anapukusa mutu: "Mawu omwewa, ku ofesi ndi dandaulo, pagulu ndi nkhani ina."

Ndime yomaliza sinali yopempha chifundo. Inatchula zinthu zitatu: fayilo ipezeke, ndalama ziperekedwe, ndipo yankho libwere lolembedwa. Asanapereke cholembera kuti mayiwo asayine, malume anawerenga kalata yonse mokweza, akuima pa chiganizo chilichonse ndi kufunsa funso limodzi: "Atakhala kuti bamboyo wakhala pampando uwu, mungabwereze mawu awa mukumuyang'ana?" Pa chiganizo chimodzi mayiwo anazengereza, chifukwa sankakumbukira bwino ngati ulendo wachisanu unali Lachiwiri kapena Lachitatu. Malume anachotsa tsikulo n'kulemba kuti "sabata yomaliza ya Seputembala". Pa zotsala zonse mayiwo anayankha kuti inde, mawu awo osanjenjemera, ndipo anasayina.