Maso a Odziwa Zojambula

Ndimawapatsa ulemu anthu amene ukawatumizira chithunzi cha zojambula pafoni, iwo amayankha kuti, "Tatembenuzani, tione kumbuyo." Nsalu yakale imada ndi fumbi ndi utsi, koma mbali imene yabisika kunsi kwa matabwa imakhala yoyererako. Ikada paliponse mofanana, mwina wina waipaka tiyi. Amayang'ananso chimene chagwira nsaluyo. Kale ankakhomera timisomali, ndiye wogulitsa ku Limbe akamalumbira kuti katundu wake ndi wa nthawi ya Nyumba ya Mandala, yomangidwa mu 1882, koma m'mbali muli masitepulo onyezimira, afotokoze bwino. N'zotheka kuti nsaluyo anaikokanso pamatabwa atsopano, koma zikatero timabowo ta misomali yakale timaonekabe.

Kenako amakulitsa chithunzicho pamene pali siginecha. Burashi imasiya mizere, ndipo penti amatumphuka pamwamba. Makina osindikizira amasiya timadontho tamitundu inayi, tondandalikana ngati timaluwa. Siginecha ikakhala ya timadontho, imeneyo ndi kope chabe.

Choncho mukamatumiza, jambulani pafupi, masana, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo pa WhatsApp sankhani Document kuti timadonthoto tisafufutike.